Mapolo a ku Joni ndi achikasu

Ku Joni ndinakhalako ndili ndi mphamvu zanga. Malemu amuna anga ankaphika m'hotela, ine ndinkachapa ndi kusita m'nyumba za eni ake dziko, monga ankachitira anthu ambiri a kwathu ku Nkhata Bay. Titabwerera n'kumanga kuno ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, ndinkapitabe pa basi kukaoda mabulangete ndi mapoto mpaka pamene mawondo anandikana. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asadzanene kuti gogo uja ankangolota. Misewu ya ku Joni ndinaiwoloka ndi miyendo yangayi, katundu ali kumutu, ndipo munthu wosakhulupirira madalaivala ngati ine amaphunzira kuyang'anitsitsa maloboti.

Mdzukulu wanga, mwana wamkazi wa mwana wanga wamkazi, ndinamulera ine. Mayi wake anamusiya atangoleka kuyamwa n'kutsatira mwamuna wake ku Joni komweko. Mano ake onse anamera m'nyumba muno. Chifuwa cha mwezi wa Juni, chija chimabwera ndi nkhungu ya Mzuzu, ndinkalimbana nacho ndekha. Gogo wake winayo, mayi a mkamwini wanga, amene mwaulemu ndimati asewele, amakhala ku Nkhorongo m'nyumba ya mpanda. Anali aphunzitsi aakulu, anabwera kuno ndi ntchito ya boma kuchokera ku Dedza, ndipo atapuma sanabwerere. Iwo ankabwera pa Khrisimasi ndi keke m'kabokosi, n'kumupsompsona mwana, n'kumufunsa mafunso m'Chingerezi, basi ulendo. Mwanayo ankati “agogo a keke.” Ine ankangoti “agogo,” popanda chowonjezera, ndipo ndinkanyadira zimenezo mumtima.

Chaka chatha makolo ake anabwera kudzamutenga. Anati sukulu ili bwino kumeneko. Sindinakondwe, koma mwana wanga anandigwira dzanja n'kulonjeza.

“Amama, ndili ndi pathupi. Nthawi ikayandikira mudzakwera basi, mudzabwera kudzandisambitsira khanda. Ndani winanso angachite zimenezo? Mdzukulu wanuyu mudzamupeza akukudikirani.”

Mawu amenewo ndinawasunga. Ndinayamba kuluka juzi ya mdzukulu wanga wamkazi uja, chifukwa ndikudziwa mmene ku Joni kumazizirira. Ndinagula chitenje chatsopano choberekera khanda, ndinaika padera mpunga wa ku Karonga, ndinapukuta chikwama changa chakale cha maulendo n'kuchiika pansi pa bedi. Joni sikutali kwa munthu woidziwa njira. Umakwera basi, umatupa miyendo, umafika.

Miyezi yoyamba ankaimba foni, mwana n'kumandiuza za sukulu, ndipo tizithunzi tinkabwera pa foni ya galasi losweka imene mayi wake anandisiyira. Kenako tizithunzi tinaleka. Mafoni anafupika, ndipo ndikati ndilankhule ndi mwana, ankati wagona, kapena ali kwa anzake. Ine ndimamva munthu akamasankha mawu. Mwana wanga anayamba kulankhula ngati akuyenda m'matope atavala nsapato zoyera.

Lachinayi lina titamaliza mapemphero a amayi kutchalitchi, ndinaona gulu launjikana pakhonde, mitu pamodzi. Pakati pawo panali asewele, magalasi ali pamphuno, foni yawo yaikulu ikuyenda dzanja ndi dzanja.

“Wakula chomene!” anatero mayi wina. “Koma wafanana ndi inu, amayi, onani mphumi.”

Mphumi imeneyo ndi ya kwathu, aliyense wa maso akhoza kuona. Ndinayandikira mwakachetechete. Asewele atandiona anafuna kubweza foni m'chikwama, ndipo kufulumira kumeneko ndinakuona.

“Mwatandala uli, asewele,” ndinawapatsa moni wa kuno. “Kodi mdzukuluyu ndi wanu nokha, woonetsa anthu onse kupatula ine?”

“Aa, asewele, ndimayesa anakutumizirani kale. Ana amasiku ano, mukuwadziwa.”

“Sananditumizire. Nditumizireni inuyo, pompano, ndili pano.”

Pamaso pa amayi onsewo sakanakana. Zinalowa zithunzi ziwiri. Ndinati yewo, ndinakwera kabaza, ndinafika kunyumba osaitsegula foniyo, chifukwa sindinafune kuti wina aone nkhope yanga.

Ndinakhala pakhonde masana amenewo n'kuyang'ana. Poyamba ndinkangoona mwana. Anamumanga tsitsi mwa mtundu wina, tsaya ladzaza, akuseka ndi dzino latsopano limene ine sindinalione likumera. Mtima unandiwawa, osati chifukwa cha mtunda, koma chifukwa dzino limenelo linayamba kufika ku Nkhorongo. Munthu wa keke analiona ine ndisanalione.

Nditakhuta nkhope, maso anapita kumbuyo kwake, monga mwa khalidwe langa. Ine ndikalowa m'nyumba ya munthu ndimaona zimene zili pansi pa tebulo. Mwanayo anaima pamphepete pa msewu, pafupi ndi maloboti, dzanja lake lili pa kabokosi ka batani. Magalimoto anaima kumanzere kwa msewu, ngati kuno, ngati ku Joni. Nyali zinali pa bolodi lakuda la mkombero woyera, zimenenso ndinazizolowera kumeneko. Koma polo limene ananyamulirapo nyalizo linali lakuda.

Mapolo a maloboti a ku Joni ndi achikasu. Ndawatsamira, ndatulirapo katundu m'munsi mwake, ndawagwira podikira kuti kamunthu kofiira kasanduke kobiriwira. Ngakhale penti atasuwa, ngakhale atamatapo mapepala a asing'anga, chikasucho chimaoneka. Ndinakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri monga anandiphunzitsira mwana yemweyo. Lakuda, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Lina kutsidya, lakudanso.

Ndinaonanso china. Kamunthu kofiira kaja, kamene ku Joni umakayang'ana kutsidya kwa msewu, pamwamba, apa kanali m'kabokosi pompo pa dzanja la mwanayo, pamwamba pa batani. Ndipo pa nyali za magalimoto, yofiira ndi yachikasu zinali zoyaka zonse ziwiri nthawi imodzi. Ku Joni yobiriwira ikazima imayaka yachikasu yokha, kenako yofiira yokha, ndipo yofiira ikatha imalumphira ku yobiriwira. Ziwiri pamodzi sindinazionepo. Ndinati mwina maloboti ake ndi owonongeka. Koma msewu wake unali wosalala bwino, wosafanana ndi malo amene amasiya zinthu zowonongeka.

Chithunzi chachiwiri chinali pa malo ena owolokera, opanda maloboti, a mizere yoyera yonenepa ngati ija ya m'tauni mwathu imene madalaivala a kuno amaiona ngati zokongoletsa. Uku ndi uku kunali polo la mawanga akuda ndi oyera, pamwamba pake mpira wachikasu ngati dzungu lakupsa. Chinthu chimenecho sindinachionepo m'maulendo anga onse.

Loweruka ndinapita ku Nkhorongo ndi nthochi m'kabasiketi, kuti ulendo uoneke wa chibale. Asewele anandilandira ndi tiyi wa m'makapu a maluwa. Tinakamba za nyamakazi, za mtengo wa makala, kenako ndinatulutsa foni.

“Asewele, anawa akukhala dera liti ku Joni masiku ano? Malo awa sindikuwazindikira.”

“Joni ndi yaikulu, asewele. Simungaidziwe yonse.”

“Zoona. Koma mapolo ake ndi achikasu konse kumene ndinapondako.”

Anaseka, kuseka kwa aphunzitsi pamene mwana wayankha zosayenera.

“Inu munapitako liti komaliza? Dziko limasintha. Mwina anagula penti wina. Ife tikuyang'ana mdzukulu, inu mukuyang'ana zitsulo.”

“Ine ndimayang'ana zonse.”

“N'chifukwa chake simunenepa,” anatero, n'kundithirira tiyi wina.

Ndinaseka nawo. Koma ndinaona, chitseko cha kuchipinda chitatseguka pang'ono, sutikesi yatsopano ya matayala, pulasitiki ikadali pa chogwirira. Sindinafunse. Munthu ukafunsa msanga amakonza bodza labwino.

Pobwerera mawu awo anandivutitsa. Mwina penti anasinthadi. Papita zaka, ndipo sindinafune kukalipira mwana wanga pa nkhani ya utoto n'kusanduka choseketsa cha mabanja awiri. Ndinafunika munthu wina woona ndi maso ake. Ku Masasa kuli mayi wina wa mumpingo mwathu, namwino wopuma, amene anagwira ntchito zaka zambiri kunja. Sindimukhulupirira, pakamwa pake sipatsekeka, koma woyenda ndi yemweyo. Ndinapita m'mawa, ndinamupeza akuthirira maluwa. Ndinaphimba nkhope ya mwana ndi chala chachikulu n'kumuonetsa zotsalazo.

“Mwana wa mnansi wanga,” ndinatero. “Akuti ali ku Joni. Mayi wake akukayika.”

Anandiyang'ana, anayang'ana chala changa, n'kumwetulira pang'ono. Sananene kanthu za chalacho, ndipo pa chimenecho ndimamuthokoza.

“Ku Joni? Ayi, mama. Uku ndi ku Mangalande. Onani yofiira ndi yachikasu zayakira pamodzi. Sizinawonongeke, ndi mmene amachitira kumeneko. Akuuza dalaivala kuti konzeka, yobiriwira ikubwera. Mwanayu amujambula nthawi yowoloka itatha, n'chifukwa chake kamunthu kali kofiira.”

“Nanga kamunthuko kakutani pa dzanja?”

“Maloboti ambiri atsopano amakaika pompo pa batani, mbali imene magalimoto akuchokera, kuti ukamakayang'ana uziwaonanso akubwera. Ndipo onani pansi apa pamene wapondapa, matailosi ofiira a timatuza. Ndi a anthu osaona, amamva ndi phazi kuti afika powolokera.”

Ndinamuonetsa chachiwiri, chala chili pomwepo.

“Eya, mipira ija. Imaphethira usana ndi usiku. Ukangoponda pa mizereyo galimoto iyenera kuima, osati zathu zino zoti uthamange ndi moyo wako. Koma mpira wokhawo sindikanalumbira, chifukwa uliko ku maiko ena amene ankalamulidwa ndi Angerezi, ngakhale ku Ayalandi.”

“Ndiye mwina ndi ku Ayalandiko.”

“Ayi. Ndinakachezako kwa mng'ono wanga. Kumeneko yofiira ikatha imapita ku yobiriwira, siyakira pamodzi ndi yachikasu. Zithunzi ziwirizi mukaziphatikiza, ndi ku Mangalande. Muwauze a neba anuwo kuti mwana wawo ali bwino, koma basi siifika kumeneko.”

Mawu omalizawo anandikhala pachifuwa njira yonse. Basi siifika. Ndili pa kabaza ndinakumbukiranso kuti mitengo ya m'chithunzimo inali yobiriwira ndipo mwana anavala malaya a manja aafupi, pamene kuno tinali kuwotha mbaula ndipo ku Joni udzu umakhala utauma ndi chisanu. Zinali pamaso panga nthawi yonseyo, koma ine maso anali pa dzino ndi pa polo.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinaimba. Sindinapereke moni wautali.

“Mwana wanga, kumene uliko mapolo a maloboti ndi a mtundu wanji?”

“Amama, funso lanji limenelo?”

“Suzumira pawindo undiuze. Ndikudikira.”

Ndinamva mpopi ukutsekedwa, mpando ukukokedwa.

“Wakuuzani ndani? Apongozi?”

“Apongozi ako ndi bokosi lokhoma, uwanyadire. Wandiuza ndi msewu umene munaimikapo mwana.”

Analira pang'ono, kenako zonse zinatuluka. Mwamuna wake anapeza ntchito yosamalira odwala ku Mangalande, ananyamuka onse miyezi ingapo yapitayo. Anaopa kundiuza chifukwa ankadziwa kuti ndikanati mwana abwerere kwa ine, kuti sindikanalola apite kumene sindingafike. Pamenepo sananame, ndikanaterodi. Anagwirizana kuti adzandiuza khanda likabadwa, mtima wanga uli wofewa. Zithunzi ankatumiza ku Nkhorongo kokha, chifukwa, mwa mawu ake, “apongozi amangoona mwana, inu mumaona ndi za kuseri.” Sanaganize kuti apongozi akewo sangapirire osaonetsa amayi a kutchalitchi.

“Nanga wosambitsa khanda ndani?” ndinafunsa, ngakhale sutikesi ija inali itandiyankha kale.

“Amama, mvetsani. Chilolezo cholowera kuno n'chovuta. Amafuna mapepala ambiri, a penshoni, a kubanki, a nyumba. Apongozi ali nazo zonsezo, pasipoti yawo ndi yamoyo, Chingerezi amalankhula. Pabwalo la ndege sangasochere.”

“Ine ndinasochera liti? Ndadutsa malire a maiko ndi mabelo kumutu iwe uli kusukulu.”

“Sindikukana, amama. Ulendo wina udzakhala wanu.”

“Unanenanso choncho utandigwira dzanja.”

Ndinati andipatse mwana, ndipo ulendo uno sanati wagona. Kamawu kanabwera, kakusintha kale katchulidwe.

“Agogo! Anati ndisakuuzeni kuti tinakwera ndege. Ndimafuna kukuuzani chomene.”

“Ndamva, mama. Ukuwoloka bwanji msewu kumeneko?”

“Ndimadina batani, ndimadikira kamunthu kobiriwira. Koma ndimayang'anabe uku ndi uku monga munanenera, chifukwa madalaivala ndi abodza.”

Ameneyo ndi wanga. Mphumi atenge a ku Nkhorongo ngati akuifuna.

Mawa lake asewele anabwera okha, koyamba kuponda pakhomo panga popanda Khrisimasi. Anakhala pa mpando wa pakhonde, chikwama pamiyendo, osadziwa poyambira.

“Asewele, ine ndinangouzidwa kuti ndisunge pakamwa. Sikunali kufuna kwanga.”

“Koma sutikesi munagula mwa kufuna kwanu.”

“Nanga ndikanapita ndi thumba la feteleza?”

Ndinatsala pang'ono kuseka, koma ndinadzigwira. Anapitiriza motsitsa mawu, maso ali pansi.

“Kunena zoona ndikuopa. Ana anga anasambitsidwa ndi amayi anga, ine ndinali m'kalasi. Khanda la masiku ochepa sindikudziwa poligwira. Ndipo mtsikanayo akadwala chifuwa amaitana inu, ndamumva pa foni.”

Wina akanamva chisoni. Ine ndinamva kukoma pang'ono, kenako mkwiyo, chifukwa amene sadziwa pogwira ndi amene akukwera ndege, ndipo wodziwa akutsala ndi mpunga pansi pa bedi. Komabe khandalo ndi magazi anga, silinalakwe kanthu. Ndinatenga chidole chakale cha mwana, ndinathira madzi m'beseni, ndinawaonetsa poika mkono, pochirikiza khosi, mmene umayesera madzi ndi chigongono, mmene umapukutira pamchombo. Aphunzitsi aakulu anagwada pa simenti yanga, chidole chikuwapulumuka m'manja.

“Mwamumiza kale kawiri,” ndinatero. “Yambaninso.”

Pomaliza ndinakoka chikwama changa cha maulendo n'kuchikhuthula pamaso pawo. Mpunga ndinausiya, ndinati ndidya ndekha. Ndinawapatsa juzi ndi chitenje.

“Izi mukapereke, ndipo mukanene kuti zachokera ku Chibavi. Musakati tagula tonse.”

“Asewele, mukundiyesa munthu wotani?”

“Wosunga pakamwa. Ndiye ndikufuna umboni. Mwana akavale juziyi, akaime pansi pa polo la mpira wachikasu lija, amujambule, chithunzicho chibwere pa foni yanga ino. Osati kudzera kwa wina, osati pambuyo pa amayi a kutchalitchi. Ine ndiyambe.”

Anavomera. Sindinawaperekeze ku depoti tsiku lonyamuka kupita ku Lilongwe kokakwera ndege. Ndinamva kwa anthu kuti anavala chikhoti chachitali ngati nduna.

Khanda linabadwa lamwamuna, ndipo nkhaniyo ndinaimva ndi mawu a mwana wanga, osati a wina. Patapita masabata chithunzi chija chinafika. Ndinafunsa mochenjera kwa amayi awiri atatu ngati aonapo kanthu katsopano, onse anati ayi, ndiye ndikhulupirira kuti ndinayambadi ine, ngakhale sindingalumbire.

Mitengo ya kumbuyo yayoyoka masamba tsopano. Polo ndi lomwe lija, lakuda ndi loyera, mpira wake uli woyaka. Mtsikana wanga waima pansi pake, juzi yamukwana bwino, manja okha ndi aatali pang'ono monga ndinafunira kuti akule nayo. Koma sanamujambule yekha. Pambali pake paima asewele, akumwetulira mano onse, khanda lili kumsana m'chitenje changa. Mfundo amanga pamalo olakwika, pafupi ndi khosi, ndipo ndinaimba tsiku lomwelo kuti aitsitse. Dzanja lawo lina lili paphewa la mtsikanayo.

Ndapeza kuti ndikakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri n'kuchikokera kumanja, asewele amatuluka, n'kutsala mwana ndi polo. Zala zawo zokha ndi zimene zimakanirira paphewapo, sizichoka ngakhale ndikulitse bwanji. Ndimachiyang'ana choncho m'mawa ndikamamwa tiyi.

Pasipoti yanga yakale ndakaisiya kale ku ofesi kuti andipatse ina. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale namwino wa ku Masasa, amene masiku ano akandiona amafunsa kuti mwana wa a neba uja ali bwanji. Chikwama ndachibwezera pansi pa bedi.